Masipulingi a fani yapadenga: zatheka

Funso langa lija: "Fani yapadenga ikunjenjemeretsa nyumba, ndisankhe masipulingi otani?"

Amisiri anzanga, zatheka. Fani imazungulira ka 600 pa mphindi, ndiye ka 10 pa sekondi, kapena kuti 10 Hz. Mphira wakale womwe fani inakhalapo ankaphwatalala mamilimita 3 okha. Ndi fn = 15.8/√d, pomwe fn ndi liwiro lachibadwa lomwe fani imanjanja nalo pa mphirayo ndipo d ndi kuphwatalalako m'mamilimita, zikupereka 9 Hz, pafupi kwambiri ndi liwiro la fani, n'chifukwa chake kunjenjemera kunkachita kukula.

Masipulingi atsopanowa amatsika mamilimita 25, kutanthauza 3.2 Hz. Ndi T = 1/(r² − 1), pomwe T ndi gawo la kunjenjemera lodutsa m'masipulingi ndipo r ndi liwiro la fani kugawa ndi fn, 10/3.2, kunjenjemera kofika padenga ndi 11 peresenti yokha.

Koma chiwerengerochi chimatenga denga ngati losagwedezeka. Lathu ndi lazitsulo zopepuka, limawerama nalonso, ndiye chipinda chapansi chikulirabe pang'ono. Denga lotere likufuna masipulingi a mamilimita 50.