Agogo atsika makilo 5 koma miyendo yatupa: tiyeze chiyani?

Namwino, Kawale: Anzanga, tili ndi agogo aakazi a zaka 78 panyumba yosamalira okalamba. M'Malichi ankalemera makilo 52, pano m'Sepitembala ali pa 47. Miyendo ndi yotupa, katumba wa mwendo akukwana masentimita 32. Ndilembe kuti minofu yatha kapena ayi?

Wothandizira odwala, Biwi: Kutsika kwawo sanafike peresenti 10 pa miyezi 6, ali pa 9.6. Katumbanso wadutsa malire a masentimita 31. Kwa ine ali bwino, aonjezereni phala basi.

Wa fiziyo, Likuni: Masamuwo mwakhoza achimwene, koma madzi akukunamizani. Madzi otupitsa miyendo amalemera pasikelo ndipo amakulitsa katumba, ndiye thupi lenileni latsika kuposa makilo 5, ndipo 32 uja musamukhulupirire. Asisitala, dinikizani chala pamsongolo. Pakatsala dzenje, tepi isiyeni kumwendo, muyeze pakati pa phewa ndi chigongono.

Komanso sakopeniya, kutha kwa minofu ndi mphamvu kwa okalamba, timayamba kuiona pa mphamvu, osati pasikelo. Akhazikeni pampando wolimba wopanda zogwirira, wotsamira khoma, manja apingase pachifuwa. Aimirire ndi kukhala kasanu mofulumira. Akapitirira masekondi 15, kapena akalephera kudzuka osagwira penapake, mphamvu zachepa. Kenako jambulani mamita 4 pakhonde, ayende monga amayendera masiku onse, ndodo yawo ali nayo. Masekondi 5 kapena kuposa ndiye kuti liwiro latsika. Kachipangizo kofinya ndi dzanja kakapezeka, malire ndi makilo 16 kwa amayi, 27 kwa abambo.

Namwino, Kawale: Pampando atenga masekondi 21, koma akudandaula maondo.

Wa fiziyo, Likuni: Apo pavuta. Nyamakazi imachedwetsa munthu ngakhale minofu ilipo. Lembani zonse ziwiri, mphamvu ya dzanja ndiyo ingatilekanitsire.

Wa zakudya, Mchesi: Ine funso langa ndi sikelo. Ndi yomwe ija ya m'Malichi? Muziwayeza m'mawa asanadye, atakodza, zovala zopepuka, sikelo ili pasimenti. Ndipo musangomva zoti "adya", khalani pomwepo masiku atatu muone zotsala m'mbale. Ambiri amadya nsima ndi msuzi, usipa n'kuusiya chifukwa mano anatha. Akamatsamwa kapena kutsokomola pomwa madzi, vuto ndi kumeza.

Wothandizira odwala, Biwi: Athu kuno tinawapatsa chiponde, ananenepa bwinobwino.

Kilinikala ofisala, Likuni: Chiponde chidikire kaye. Wokalamba wowonda, wotupa miyendo, ayezedwe chifuwa chachikulu, kachilombo, shuga, magazi, mtima ndi impso. Kutupako tisanadziwe gwero lake, sindingalamule zomanga thupi zambiri. Impso zikakhala bwino, munthu wa makilo 47 amafuna magalamu 47 mpaka 56 a zomanga thupi patsiku, pomwe dzira limodzi lili ndi 6 okha. Akumwa mankhwala anji? Metifomini, mankhwala a shuga, amatha kuchotsa chilakolako cha chakudya, ndipo okodzetsa amatsitsa sikelo m'masiku ochepa.

Namwino, Kawale: Okodzetsa anayamba sabata yatha. Ndiye 47 uyu ndimuwerengere kapena ndiyezenso madzi akaphwa?