Asiya parokisetini masiku 6 apitawo, akuti m'mutu mukumenya shoko: matenda abwerera kapena ndi mankhwala?

Kiliniko ofisa

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru wodwala asanabwerenso mawa m'mawa. Ndi bambo a zaka 41. Anawalembera parokisetini kwina, mamiligalamu 20 patsiku, chifukwa cha dipuleshoni, ndipo amwa miyezi 5. Akuti miyezi itatu yapitayi anali bwinobwino, tulo akugona, ntchito akugwira. Lachinayi sabata yatha anangosiya okha. Pofika Loweruka madzulo chizungulire chinayamba, kenako nseru, thukuta usiku ndi maloto oopsa. Akuti akatembenuza maso msanga amamva ngati waya wamagetsi wawakhudza m'mutu. Lero, Lachitatu, alira pamaso panga, eniake osadziwa chomwe akulirira. Thupi silikutentha, bipi ili bwino, shuga ali bwino, m'makutu mulibe kanthu. Ine ndikuona ngati matenda abwerera. Vuto lina n'lakuti ku famase kwathu parokisetini kulibe, kuli fuluokisetini ndi amitiriputilini basi. Ndiwayambitse amitiriputilini?

Namwino wa ku wodi ya amuna

Achimwene, odwala anga ambiri amasiya fuluokisetini okha, ena amangosowa osabweranso, koma za shokozi sindinazimvepo. Mankhwala awa sapatsa chibaba ngati fodya, ndiye kusiya sikungadwalitse munthu. Ine ndikanayang'ana kwina. Mwawafunsa za mowa? Munthu amene wasiya mowa mwadzidzidzi amatuluka thukuta chomwecho.

Kiliniko ofisa

Ndafunsa, asisi. Samwa, ndipo akazi awo avomereza. Manja sakunjenjemera, mtima ukugunda ka 78 pa mphindi.

Wa ku famase

Funso la mowa linali loyenera, koma pa fuluokisetini pali chifukwa chake chomwe simukuonera zimenezi, asisi. Munthu akamwa fuluokisetini kwa nthawi, theka lake limatenga masiku 4 mpaka 6 kuti lichoke m'magazi, ndipo chimene chiwindi chimapanga kuchokera kwa iye, nofuluokisetini, chimagwiranso ntchito n'kukhalitsa kuposa pamenepo, sabata kapena kupitirira. Ndiye amene wasiya fuluokisetini amakhala ngati wachepetsa pang'onopang'ono osadziwa. Ena amadwalabe, koma mochedwa, mwina patatha masabata, aliyense ataiwala za mankhwalawo.

Parokisetini ndi wina. Theka lake limachoka pasanathe tsiku lathunthu, maola pafupifupi 21. Werengani nokha: Lachisanu latsala theka, Loweruka theka la thekalo, pofika Lachiwiri ndi fungo chabe. Zizindikiro za bambowa zayamba Loweruka. Iyeyu ndi venilafakisini ndi amene amavutitsa kwambiri posiya.

Amitiriputilini musafulumire naye. Amawodzetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo munthu akamwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi mtima umasokonezeka mpaka kufa. Kwa munthu amene akulira chonchi sindingakonde kupereka botolo lodzaza.

Mayi namwino wa matenda a maganizo

Ndagwirizana ndi a ku famase. Mwana wanga, izi si matenda kubwerera, ndipo ndikuuza poonera kuti mawa usadzafunsenso.

Choyamba ndi nthawi. Dipuleshoni siibwera Loweruka madzulo. Imakwawa, masabata kapena miyezi: munthu amayamba kudzuka mbandakucha osagonanso, chakudya chimasiya kukoma, amayamba kudziimba mlandu pa chilichonse. Zosiya mankhwala zimagwa ngati mvula, masiku awiri mpaka anayi chisiyireni. Chachiwiri, funsa wodwala ngati anamvapo zimenezi pamene ankadwala koyamba. Chizungulire, nseru ndi shoko ya m'mutu sizinalipo pa matenda oyamba aja, ndi zachilendo, ndipo shokoyo ndi chidindo chenicheni cha gulu la mankhwala amenewa. Kulira ndi kupsa mtima kumapezeka mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake kwakusokoneza. Chachitatu udzachiona wekha: akayambiranso mankhwala, zosiyazi zimazilala m'tsiku limodzi kapena masiku ochepa. Dipuleshoni yeniyeni singachoke msanga chomwecho.

Wophunzira

Pepani amayi, ndilowerere. Pamenepa ndi pamene ndimasokonezeka. M'kalasi anatiuza kuti dipuleshoni ndi kuchepa kwa serotonini, mankhwala amamuwonjezera. Ngati ndi choncho, bwanji timauza odwala kuti adikire masabata? Ndipo bwanji kudikira kuli polowa pokha, potuluka zikuchitika m'masiku awiri?

Mayi namwino wa matenda a maganizo

Funso lako ndi lomwe likuyankha nkhani ya bambowa, ndiye ndilitenga pang'onopang'ono.

Selo ya mu ubongo ikafuna kulankhula ndi inzake imatulutsa serotonini pa kampata kamene kali pakati pawo, kenako imamuyamwanso kudzera pa timapampu tating'ono. Parokisetini, fuluokisetini ndi setiralini amatseka timapampu timeneti. Ntchito imeneyi imachitika m'maola ochepa kuchokera pa piritsi loyamba. Umboni wake umauona tsiku ndi tsiku: nseru, kutsegula m'mimba ndi kusakhazikika zimabwera sabata yoyamba, chifukwa serotonini wambiri m'thupi ali m'matumbo. Ndiye mankhwala sachedwa kufika. Chimene chimachedwa ndi ubongo.

Maselo otulutsa serotonini ali ndi mabuleki awo. Akamva kuti serotonini wachuluka pafupi nawo, amachepetsa kutulutsa. Masiku oyamba, mankhwala akukankha, ubongo ukuponda buleki. Pamatenga masabata awiri kapena atatu kuti mabulekiwo afooke. Pambuyo pake pali kusintha kwina kochedwa, maselo kumanga timalumikizo tatsopano. Palinso zimene ofufuza ena anapeza, zakuti munthu amayamba msanga kuona nkhope za anthu ndi zochitika mosaipitsa kwambiri, koma kuti zimenezo zisanduke mtima wopepuka pamafunika masiku ambiri okhala ndi anthu. Kuti mwa zitatuzi chachikulu n'chiti, akatswiri akukanganabe. Zoti dipuleshoni ndi thanki ya serotonini yomwe yaphwa, zimenezo usamauze odwala. Ikanakhala thanki, bwenzi munthu akuchira tsiku loyamba lomwelo.

Tsono tembenuza. Bambo awa ubongo wawo wakhala miyezi 5 ukuzolowera timapampu totsekeka, wakonza zonse molingana ndi zimenezo. Lachinayi mankhwala achoka, pofika Loweruka timapampu tatseguka, koma ubongo ukufunikabe masabata kuti ubwerere. Mankhwala amalowa ndi kutuluka mothamanga, ubongo umayenda wapansi popita ndi pobwerera pomwe. Kuchedwa kuchira ndi kudwala posiya ndi chinthu chimodzi.

Ndipo asisi a ku wodi ya amuna, mwanena zoona theka. Chibaba palibe: munthu salakalaka piritsi, sawonjezera mlingo kuti amve kukoma. Koma thupi limazolowera ndithu, monga limachitira ndi puredinisoloni.

Dokotala wa ana

Ndaona mochedwa. Ngati pa masabata awiri sizikusintha, ine ndimadikira mpaka 4 ndisanakweze mlingo, ndipo sindinena kuti mankhwala alephera asanakwane masabata 6 mpaka 8. Kwa achinyamata osakwana zaka 25 muziwaona pafupipafupi masabata oyamba, maganizo odzipha amatha kukula nthawi imeneyo.

Kiliniko ofisa

Zikomo adokotala, koma awa si oyamba kumene, ndi osiya. Komabe mwandikumbutsa: za kudzipha ndafunsa mwachindunji, akana, ndipo mawa ndifunsanso. Amayi, nanga ndichite chiyani popeza parokisetini kulibe?

Mayi namwino wa matenda a maganizo

Funsa kaye ngati kunyumba kwatsala mapiritsi. Osiya okha nthawi zambiri amakhala nawo. Ngati alipo, abwerere pa 20 yemweyo, ndi mlingo woyambira kale, palibe choopsa. Ngati palibe, fuluokisetini mamiligalamu 20 m'mawa amatseka timapampu tomwe tija, ndipo nthawi zambiri amaziziritsa zizindikirozi, kungoti angatenge masiku angapo kuposa parokisetini. Usanapereke, funsa ngati anakhalapo ndi nyengo yosagona koma ali ndi mphamvu zosefukira, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama. Ngati inalipo, imeneyo ndi nkhani ina, usapereke uli wekha. Ndipo usaphatikize ndi amitiriputilini pofuna tulo, fuluokisetini amachedwetsa chiwindi kumuchotsa, amitiriputiliniyo amachuluka m'magazi.

Koma chachikulu sunatiuze. Anasiyiranji?

Kiliniko ofisa

Ndabwera ndi zotsatira. Dzulo ndinawafunsa bambowa akazi awo ali pomwepo, anati anachira basi. Lero ndawapempha mayiwo adikire panja. Nkhani ndi ya kuchipinda: chiyambireni mankhwala chilakolako chinatsika, ndipo akayamba samaliza. Anachita manyazi kunena. Mapiritsi atsala 24, ndawauza ayambe lero. Chimene chandikhudza, atamva kuti shoko ija ili ndi chifukwa chodziwika, anapumira m'mwamba. Ankaganiza kuti ndi sitiroko. Tsopano akuti amwa, koma akufuna kusiyiratu mwezi uno.

Wa ku famase

Mapiritsi 24 ndi ochepa pochepetsa bwino. Ambiri timadula 20, kenako 10, kenako ziro, n'kumaganiza kuti masitepe ndi ofanana. Si choncho. Zithunzi za ubongo zinaonetsa kuti mlingo wamba umatseka timapampu pafupifupi 80 pa 100 tilitonse, ndipo ukadula mlingo pakati timatsekekabe tambiri. Phompho lili kumapeto, kuchoka pa kamlingo kakang'ono kufika pa ziro. Ndiye masitepe azichepa pamene mukutsika, 20, 10, 5, mwinanso theka la 5, lililonse masabata awiri mpaka anayi, ndipo zizindikiro zikavuta mubwerere sitepe imodzi. Kudumphitsa masiku musayese ndi parokisetini, kumakhala kumusiyitsa munthu kangapo pa sabata.

Mayi namwino wa matenda a maganizo

Masitepewo ndi abwino, koma ine nthawi yake sindikuvomereza. Akhala bwino miyezi itatu yokha. Malangizo ambiri amati apitirize miyezi 6 kapena kuposa atachira, a bungwe loona zaumoyo padziko lonse mu 2016 ankati 9 mpaka 12. Akasiya pano, dipuleshoni yeniyeni ija ikhoza kubwera, yokwawa ija. Ine ndikanawasamutsira pa fuluokisetini mapiritsiwa akamatha, amalize miyezi yawo, posiya padzakhalanso pofewa.

Namwino wa ku wodi ya amuna

Amayi, ndavomera za shoko, ndaphunzira. Koma fuluokisetini naye amavutitsa kuchipinda, odwala anga amadandaula. Mukawakakamiza miyezi ina osakonza chimene anasiyira, adzasiyanso mwakachetechete, ndipo ulendo uno sadzabwera.

Wa ku famase

N'zoona, ngakhale parokisetini ndiye amatchuka kwambiri pa vutoli, ena akasintha zimapepukako. Mitazapini savutitsa kwambiri kumeneko, koma amanenepetsa ndi kuwodzetsa, ndipo achimwene alibe pa shelefu.

Kiliniko ofisa

Andiimbira m'mawa uno, Loweruka. Chizungulire chatha, shoko yamenya kamodzi kokha dzulo, agona usiku wonse. Za kupitiriza sitinagwirizane, akuti akambirane kaye ndi akazi awo, omwe mpaka pano sakudziwa chifukwa chenicheni. Abwera Lachitatu onse awiri. Amayi, mukakhala ndi mpata ndikuimbireni lisanafike tsikulo, sindikudziwa poyambira nkhani imeneyo mayiwo ali m'chipindamo.