Zija za malamulo a makompyuta pakiliniki yathu

"Tilipo antchito ochepa, makompyuta awiri ogwiritsa ntchito tonse, malamulo tilembe bwanji?"

Anzanga nkhani ija tinamaliza, yangokwana tsamba limodzi aliyense wasaina. Chachikulu aliyense ali ndi akaunti yakeyake tsopano, chifukwa pamene tonse timagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi ija yomata pa sikirini, fayilo ya wodwala ikasinthidwa palibe amadziwa wagwira ndani. Ukadzuka pampando uzidina Windows + L kuti kompyuta itsekeke, ukaiwala imadzitseka yokha pakatha mphindi 5. Anesi anadandaula ati kulemba pasiwedi pafupipafupi odwala ali pamzere nkotopetsa, koma mphindi 15 zimene amafuna zija tinakana, kompyuta ya kulisepushoni aliyense amaiona. Mafulashi akunyumba ayi. Kujambula zotsatira za wodwala nkutumiza pa WhatsApp nakonso ayi, apa mpomwe tikulimbanabe.