Thandizeni: timange khoma kapena tidzale vetiva ndi nsungwi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Kwathu kuno ku Mulanje kamtsinje kathu kamathira mu Ruo. Kuchokera pa Namondwe Freddy mu 2023 gombe lakhala likugumuka, ndipo komiti yathu yagawanika pawiri.

Kumtunda, kufupi ndi phiri, madzi amatsika mwaliwiro atanyamula miyala ikuluikulu. Vetiva amene tinadzala kumeneko anazulidwa asanazike mizu, nchifukwa chake ena akuti tiike miyala yomangidwa m'mawaya. Koma ndinaonapo khoma lotere litapendekeka chifukwa madzi anakumba pansi pake, maziko anali osaya. Komanso khoma likakankha madzi, amakagumula munda wa mnzako kutsidya.

Kumunsi nkwachidikha, madzi amayenda pang'onopang'ono nkusiya matope. Kumeneko ine ndikuona kuti vetiva, nsungwi ndi kusiya kulima m'mphepete zingakwane, ngakhale eni madimba sakufuna kumva zimenezo.

Chandivuta ndi pakati, pamene mtsinje wakhota pafupi ndi sukulu. Kodi amene munamangapo, maziko mumakumba akuya bwanji? Nanga tingaike miyala pansi nkudzala vetiva pamwamba pake, kapena mizu ingawononge mawaya?