Balansi ya kashibuku yanga ya pa Excel ikukana kugwirizana ndi ndalama za m'bokosi

Msungichuma wa ku Chinamwali:
Moni nonse a pa gulu. Ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa Excel. Ndine msungichuma wa gulu la amayi oweta nkhuku kuno ku Chinamwali, ku Zomba, ndipo chaka chino tinagwirizana kuti kashibuku izilembedwanso pa laputopu kuti pa msonkhano ndizingowerenga zotsala. Kolamu A ndi tsiku, B ndi chifukwa, C ndi ndalama zolowa, D zotuluka, E ndi balansi. Pa E2 pali K120,000 imene tinayambira mwezi. Pa E3 mwana wa mchemwali wanga anandiikira fomula iyi, ine n'kungoikokera m'munsi:

```
=E2+C3-D3
```

Zinkayenda bwino. Tinagulitsa mazira a K45,000, balansi inafika K165,000. Tinagula madeya a K30,000, inatsika pa K135,000. Tinagulitsa nkhuku za K18,500, inakwera pa K153,500. Katemera wa chitopa ndi mankhwala K12,000, n'kutsala K141,500. Kenaka amayi ena anabweretsa mochedwa lisiti ya K8,000 ya mayendedwe a madeya aja. Ndinatsegula mzere watsopano pansi pa madeya kuti masiku atsatane, ndipo mzere umenewo ukuonetsa K127,000, zomwe n'zoona. Koma pansi penipeni pakadali K141,500, pomwe m'bokosi muli K133,500. Palibe pamene pakulemba kuti palakwika. Loweruka tili ndi msonkhano, ndipo nkhani ya ndalama za gulu mukuidziwa, ikangosiyana pang'ono dzina la munthu limaipa. Chavuta n'chiyani?

Mnyamata wa ku Matawale:
Amayi, fomula imeneyo yangokuvutitsani chabe. Fufutani, mulembe iyi mu E monse, siphonya kanthu:

```
=SUM(C:C)-SUM(D:D)
```

Kalaliki wa maakaunti wa ku Zomba:
Achimwene a ku Matawale, yanuyo ipereka K133,500 yolondola pokhapokha K120,000 yoyambira ija itachoka pa E2 n'kulowa mu C2, komanso idzapereka nambala imodzimodziyo pa mzere uliwonse chifukwa ikuwonkhetsa kolamu yonse nthawi imodzi. Amayiwa akufuna kuona zimene zinatsala pa tsiku lililonse. Musaitaye komabe, ili ndi ntchito yake, ndiitchula.

Amayi, ndalama sizinasowe. Taonani kusiyana kwake: 141,500 kuchotsa 133,500 ndi 8,000, ndendende lisiti imene munaiika pakati. Dinani pa E6, mzere wa nkhuku uja umene uli pansi pa mzere watsopano, muwerenge fomula yake. Mupeza yalembedwa chonchi:

```
=E4+C6-D6
```

Poyamba mzere wa nkhuku unali 5 ndipo unkatenga balansi pa E4. Mutatsegula mzere pakati, iwo unasunthira pa 6 koma sunasiye kuyang'ana E4, chifukwa Excel imatsata kabokosi kamene fomula inalozedwa poyamba, siidziwa kuti inu mumatanthauza "kabokosi ka pamwamba panga". Ndiye K127,000 ya pa E5 yangokhala payokha, palibe mzere umene ukuiwerenga, ndipo mizere yonse ya m'munsi ikupitiriza ngati lisiti ija kulibe.

Kukonza kwa lero n'kosavuta. Gwirani E3, muikokerenso mpaka mzere womaliza. E6 ikhala K145,500, E7 ikhala K133,500.

Koma malisiti ochedwa adzabwerabe, choncho ndikanakonda musinthe fomula. Ikani K120,000 yoyambira ija mu C2 ngati ndalama zolowa, pa B2 mulembe kuti zotsala za mwezi watha. Kenaka pa E2 lembani iyi n'kuikokera m'munsi:

```
=SUM($C$2:C2)-SUM($D$2:D2)
```

Zizindikiro za $ zikukhomerera poyambira pa mzere 2, pomwe pothera pakutsika ndi mzere. Pa mzere 6 ikhala ikuwonkhetsa C2 mpaka C6 n'kuchotsa D2 mpaka D6. Mzere uliwonse ukudziwerengera wokha kuchokera pamwamba, sukudalira mnzake. Mukatsegula mzere pakati, mizere ya m'munsi imautenga yokha, inu mumangokopera fomula mu E ya mzere watsopanowo. Mukafufuta mzere, palibe chimene chimasweka, pomwe ndi fomula yakale ija mizere yonse ya pansi pake imadzaza `#REF!`.

Msungichuma wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri bambo. Ndadina pa E6 ndipo ndapezadi `=E4+C6-D6` monga mwanenera. Ndaika ya SUM ija, pansi pafika K133,500. Mtima wakhala pansi. Koma ndinaikokera mpaka mzere 60 kukonzekera mwezi wonse, ndiye K133,500 yangondondozana mizere yonse yopanda kanthu. Ndikakasindikiza, amayi ena adzaona ngati ndi ndalama zambirimbiri. Pali njira yobisira?

Kalaliki wa maakaunti wa ku Zomba:
Ilipo amayi. Pa E2:

```
=IF(AND(C2="",D2=""),"",SUM($C$2:C2)-SUM($D$2:D2))
```

Ikunena kuti ngati C ndi D zonse zilibe kanthu, E isaonetse kanthu. Iyi ndi chifukwa chinanso chosiyira fomula yakale. Mukaika IF yotereyi pa fomula yodalira mzere wa pamwamba, n'kudumpha mzere umodzi osalembapo, wotsatira wake umalemba `#VALUE!` pa Excel.

Mayi wogulitsa zitenje mu msika wa Zomba:
Pepani kulowerera, ine yanga ndi ya pa foni. Makasitomala ambiri masiku ano amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye balansi ya m'buku mwanga sigwirizana ndi ya pa foni ngakhale tsiku limodzi. Fomula imeneyi ingathe kumatenga yokha balansi ya pa foni?

Mphunzitsi wopuma wa ku Domasi:
Ayi mayi, fomula imangowerenga zimene mwalemba ndi manja anu. Vuto lanu n'lina. Mukusakaniza matumba awiri m'kolamu imodzi. Ife kale m'kashibuku ya pepala tinkakhala ndi malo a ndalama za m'manja ndi malo a ndalama za ku banki, chilichonse ndi balansi yake. Mukatapa K20,000 kwa ejenti, ilembeni kawiri: yatuluka pa foni, yalowa m'manja. Ndalama yodulidwa potapa ilembeni pa mzere wakewake ngati zotuluka, chifukwa timeneto n'timene timasiyanitsa buku ndi foni pang'onopang'ono.

Kwa amsungichuma, ine ndisanene bodza, fomula yakale ija ndimaikondabe. Ndi mmene timawerengera pa pepala: zotsala dzulo, kuwonjezera zolowa, kuchotsa zotuluka. Mayi aliyense wa m'komiti angathe kuitsatira ndi chala. Ndiponso sindigwirizana ndi zotsegula mzere pakati. Lisiti ikabwera mochedwa, ilembeni pansi pa tsiku limene yafika, pa chifukwa mulembe tsiku lake lenileni. Buku limene mizere yake yakale imasinthasintha ndi lovuta kuliteteza pa msonkhano, makamaka ngati munawerengera kale anthu balansi ya sabata yatha.

Kalaliki wa maakaunti wa ku Zomba:
Aphunzitsi, pa sabata imene yawerengedwa kale pa msonkhano ndikugwirizana nanu, isakhudzidwe. Koma ngati K8,000 inatuluka m'bokosi tsiku la madeya, balansi ya masiku apakatiwo imakhala yonama mukailemba pansi. Ine mkati mwa sabata yosatsekedwa ndimaika pa tsiku lake.

Pali chimodzi chimene fomula yanu imaposa yanga, ndipo amayi achidziwe. SUM imadumpha mwakachetechete chilichonse chimene si nambala. Amayi akalemba `K8,000` ndi K kutsogolo, kapena chilembo O m'malo mwa ziro, Excel imaona ngati mawu. Fomula yakale ikanakuwa `#VALUE!` pomwepo, koma SUM imangopitirira, balansi n'kukhala yokwera ndi K8,000 popanda chenjezo. Ndi vuto lomwe lija, longolowera khomo lina. Chizindikiro chake n'choti nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere, ngati simunasinthe kaimidwe kake. Kuti musadalire maso, ikani iyi pambali, mwina pa G1:

```
=COUNTA(C2:D60)-COUNT(C2:D60)
```

Yoyamba ikuwerenga mabokosi onse olembedwa, yachiwiri a manambala okha. Iyenera kukhala 0. Ikaonetsa 1, pali kabokosi kamodzi kamene sikakuwerengedwa. Lembani manambala okha, 8000 basi. Ngati mukufuna K azioneka, sankhani makolamuwo, pitani pa `Format Cells`, kenaka `Custom`, mulembe `"K"#,##0`. Fomula ya achimwene a ku Matawale ija muiike pa G2. Nthawi zonse izifanana ndi balansi ya mzere womaliza, ikasiyana ndiye kuti fomula ina mu E yasokonekera kapena yalembedwapo nambala ndi manja.

Mnyamata wa ku Matawale:
Chabwino bwana, ndamva. Koma G2 ikafanana ndi E yomaliza ndiye kuti buku lili bwino basi, eti?

Mphunzitsi wopuma wa ku Domasi:
Ayi mwanawe, ziwirizo zikumwa pa chitsime chimodzi. Nambala ikalembedwa molakwika mu C kapena D, zonse zidzagwirizana pa bodza. Woweruza ndi ndalama za m'bokosi, ziwerengedwe pamaso pa anthu awiri. Zikasiyana, yang'anani kusiyanako musanayambe kukayikira munthu. Kukafanana ndi lisiti imodzi, lisitiyo yadumphidwa kapena yalembedwa kawiri. Kukakhala kawiri kwa lisiti ina, mwachitsanzo K24,000 pomwe pali lisiti ya K12,000, ndiye kuti yalowa kolamu yolakwika, zotuluka zalembedwa ngati zolowa. Kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri manambala atembenuzidwa: 18,500 kulembedwa 15,800 kumasiyanitsa ndi 2,700, ndipo 2,700 kugawa ndi 9 ndi 300.

Msungichuma wa ku Chinamwali:
Ndayamika nonse. G1 ikuonetsa 0, G2 ikuonetsa K133,500 mofanana ndi E7 komanso bokosi. Za lisiti yochedwa ndikazitula ku komiti Loweruka, asankhe okha ngati tiziika pa tsiku lake kapena pansi, chifukwa mbali zonse ndazimva. Funso lina: mwezi ukatha, nditsegule tsamba latsopano n'kulemba zotsala mu C2 ndi manja, kapena ndipitirize pansi pa lomweli?

Kalaliki wa maakaunti wa ku Zomba:
Gulu laling'ono ngati lanu tsamba limodzi likwana chaka chonse, ndipo simudzavutika ndi kusamutsa zotsala. Mungokumbukira kukokera fomula kupitirira mzere 60 ndi kusintha 60 wa pa G1 uja. Komiti ikafuna tsamba la mwezi uliwonse, lembani mu C2 ndalama zimene zawerengedwa ndi kusainidwa pa msonkhano.

Mayi wogulitsa zitenje mu msika wa Zomba:
Nanga ine wa matumba awiri, makolamu akhale angati? Ndipo zimenezi zingatheke pa Google Sheets ya pa foni? Laputopu ndilibe.