Za pepala la chilolezo cha opaleshoni yochotsa chotupa lija

Ndinafunsa kuti pepala lofotokozera wodwala asanasaine kuti timuchotse kachotupa kamafuta pansi pa khungu ndilembe bwanji kuti aliyense amve.

Zikomo nonse munayankha. Ndinatsata malangizo a achemwali anamwino aja oti ndiwawerengere kaye anthu mokweza kenako andibwerezere m'mawu awo. Apa mpomwe vuto linaonekera, ndinalemba kuti "tikubayani jakisoni wochititsa dzanzi" koma agogo ena anamva ngati tiwagoneka tulo, mpaka anafunsa kuti adzuka nthawi yanji. Pano palembedwa kuti "mukhala maso, jakisoni awawa pang'ono polowa, kenako muzimva kukhudza ndi kukoka koma osati ululu, mukamva kuwawa nenani tiwonjezere mankhwala."

Zoopsa ndinasiya kuzibisa m'mawu oti "zovuta zina", ndinazitchula: kutuluka magazi, bala kuchita mafinya, chipsera chosatha, komanso chotupacho chitha kubweranso. Mzere woti "mutha kukana ngakhale mwasaina kale ndipo tidzakuthandizanibe" unawamasula kwambiri, ambiri amaopa kuti akakana adokotala akwiya.

Amene mukulemba lanu musiye malo a chidindo cha chala ndi a mboni, ena satha kulemba, ineyo ndinaiwala mpaka tinapulintanso.