Thandizeni pa funso la ozonolisisi, ndikupeza ma alikini awiri

Muli bwanji nonse? Ndili kunyumba kuno ku Luchenza pa holide ndipo ndikukonzekera mayeso a kemisitile, koma funso lina la ozonolisisi landiimitsa mutu.

Akuti C6H10 yathiridwa O3 kenako Zn/H2O, ndiye patuluka zinthu zitatu, HCHO, CH3CHO ndi CH3COCHO. Tipeze alikini yoyambirira.

Njira yake ndikuyidziwa, umachotsa O pa ma C=O awiri nkulumikiza ma kaboniwo kuti pakhale C=C. Ma kaboni ndawerenga, 1+2+3 akukwana 6 bhobho. Ma C=O alipo 4 ndiye kuti ma C=C analipo awiri, komanso CH3COCHO ikuyenera kukhala pakati poti ndi yokhayo ili ndi C=O mbali zonse. Vuto ndi loti mbali zakezo sizofanana, kwina ndi ketoni kwina alidehaidi. Ndikaika HCHO ku ketoni ndikupeza CH2=C(CH3)CH=CHCH3, ndikaitembenuzira ku alidehaidi ikubwera CH2=CHC(CH3)=CHCH3, zonse ndi C6H10 ndipo ndikazidulanso pa pepala zikundipatsa zidutswa zomwezija ndendende.

Ndayesa kuganiza zoti mwina akanathira H2O2 m'malo mwa Zn, koma apo ma alidehaidi angosanduka ma asidi basi, sizikuuza kuti chidutswa chiti chinali mbali iti. Manotsi anga ali ndi zitsanzo za C=C imodzi zokhazokha, mnzanga wa ku Chitakale naye wakakamira pomwepa.

Ndiye akuluakulu, ozonolisisi payokha ingasiyanitse awiriwa, kapena pa mayeso ndilembe onse? Nanga za E ndi Z pa =CHCH3 paja, poti C=C ikaduka sizionekanso, ndizitchule?